Mizere Itatu pa Nsagwada

Wezzie ankafika ku Thamesmead nkhungu isanachoke pamadzi. Basi inkamutsitsa pafupi ndi kabwalo ka udzu pomwe mahatchi awiri ankadya atamangidwa zingwe zazitali, ndipo iye ankawapatsa moni ngati anthu asanakwere ku fulati ya a Crispin. Ntchito yake inali yosamalira mayi awo a Crispin, Mayi Winfrida: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, ndi kucheza nawo mpaka mwana wawoyo ataweruka kokayendetsa basi.

Mayi Winfrida kwawo kunali ku Chipata. Pa utsikana wawo ankagwira ntchito yolandira anthu m'ndege ku Lusaka, ndipo mpaka pano ankakhala pampando msana uli chilili, mapazi atagundana. Koma mutu unali utayamba kutaya zinthu. Tsiku lina ankadzuka ali ku London, tsiku lina ku Lusaka, tsiku lina m'mitambo penipeni, akufunsa ngati anthu onse amanga malamba. Wezzie, mwana wa ku Mzuzu, ankawayankha m'Chichewa, iwo n'kumalankhula Chinyanja chawo, ndipo ankamvana bwinobwino. Khungu la mayiwo linali lakuda kwambiri, koma kuda kofunda, kokhala ndi kufiira mkati ngati thabwa la mlombwa lopakidwa mafuta. Ukalamba unali utangowonjezera timadontho takuda kuzungulira pakamwa ndi m'munsi mwa maso.

Lolemba lina Wezzie atalowa anapeza galasi la m'khonde litaphimbidwa ndi chitenje. La ku bafa nalonso. Ngakhale wailesi yakanema inali itafundidwa thaulo. A Crispin anali kukhitchini atavala kale yunifomu, ndipo mwana wawo Jessica, amene ukwati wake unali pafupi, anali atakhala patebulo maso ali ofiira.

"Ba Wezzie, vinthu vavuta," anatero a Crispin. "Amai bakamba ati banamwalira."

Nkhani yake inali yotere. Loweruka madzulo Jessica anafuna kuyeserera mmene agogo ake adzawonekere pa ukwati. Anali atagula faundeshoni, zodzola zosalaza nkhope zija, pa intaneti, atasankha mtundu poyang'ana pafoni, botolo lolembedwa kuti ndi la anthu akuda. Anawapaka pansi pa getsi la kukhitchini, n'kuwawaza paudala yoyera pamwamba, kenaka n'kuwajambula ndi fulashi. Atawapatsa foniyo, Mayi Winfrida anayang'anitsitsa. Pachithunzipo panali nkhope yotuwa mbuu ngati yagwera m'phulusa, itakhala pa khosi lakuda. Anadzuka, n'kupita pagalasi la m'khonde, ndipo nkhope yomweyo inawayang'ana.

Mkulu wawo wa mayiwo, Maureen, anamwalirira ku London konkuno zaka zapitazo, ndipo ankawoneka chonchi ndithu m'bokosi. Mayi Winfrida anatembenuka n'kufunsa modekha kuti, "Ninafa liti? Nanga simunaniuze bwanji?"

"I washed it off, auntie," anatero Jessica. Chinyanja ankachimva koma ankayankha m'Chingerezi. "Straight away. She won't believe me."

Wezzie analowa kuchipinda. Mayiwo anali chigonere chagada, manja atapingasa pachifuwa, nkhope yawo yeniyeni ili bwinobwino.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi phala."

"Bakufa sibadya, mwana wanga."

"Nanga ukwati wa Jessica? Diresi lanu lija lafika."

"Bakufa sibaenda ku ukwati. Bazathawa bantu."

Sankalira, sankakwiya. Ankalankhula ngati munthu amene akudikira basi yomwe akudziwa kuti ibwera. Wezzie anaimbira anamwino a m'deralo, poti kusokonezeka kwadzidzidzi kwa okalamba nthawi zina kumakhala matenda ena obisika. Anabwera, anayeza zoyeza, sanapeze kanthu. Anangoti aziwanyengerera kumwa ndi kudya, ndipo aziwayang'anira. Mayiwo ankalola tiyi pang'ono, ati poti ngakhale kumanda kumagwa mame. Masiku anapita chomwecho. Ankagona n'kumamvetsera mbalame za kumtsinje, n'kumauza Wezzie kuti kuno n'kwabata, kungoti kulibe mitundu.

Mawu amenewo ndi amene anamukumbutsa Wezzie za Glory. Glory anali mnzake wa kutchalitchi ku Tottenham, mtsikana wa ku Chilomoni amene ankakongoletsa akwatibwi m'kachipinda ka kuseri kwa saluni ina ku Ilford. Wezzie anamuimbira ali pakhonde, akuyang'ana abakha oyera a makosi aatali akuyandama pa kanyanja ka pakati pa mafulati.

"Ndikutumizire chithunzi chawo, undisankhire botolo?"

"Ayi asisi, chithunzi chimanama," anatero Glory. "Foni iliyonse ili ndi mtundu wake. Mubwere nawo. Masana, dzuwa lilipo."

"Sindikudziwa ngati zithandize. Ndangoganiza kuti zopakazo ndi zimene zinawatenga, mwina n'zomwenso zingawabweze."

"Ine za mutu sindizidziwa. Koma nkhope yawo ndikhoza kuipeza."

A Crispin anavomera, ngakhale anapukusa mutu. Jessica anapempha tsiku kuntchito. Pa tsikulo Wezzie, poti unali ulendo wa m'tauni, anavala bulauzi yabwino n'kudzipaka kafaundeshoni kake kamene ankasungira masiku a tchalitchi. Ankayembekezera kuti kuwadzutsa mayiwo ikhala nkhondo. Koma atangolowa m'chipinda, Mayi Winfrida anamuyang'ana nthawi yaitali, maso awo n'kudzaza chisoni.

"Naiwe wabwela kuno? Mwana mung'ono so?"

"Ndabwera, amayi. Tiyeni tiyende limodzi."

Anadzuka osatsutsa, n'kulola kuvekedwa jasi.

Mu basi anakhala pawindo atagwira dzanja la Wezzie. Nkhungu inali isanathe, moti nyumba zazitali zinkawoneka mitu yokha, zikuyandama. Pa Abbey Wood anakwera sitima. Itayamba kulowa pansi pa nthaka, mayiwo anagwedeza mutu ngati akuti ndi zimene ndimayembekezera. Ankayang'ana anthu a m'sitimamo mmodzimmodzi, mnyamata wogona atatsamira chikwama, mayi wa mpango wobiriwira, bambo wowerenga nyuzi, n'kumawamwetulira mwaulemu. Wezzie anawakhazika mopereka msana kuwindo kuti asadziwone pagalasi lakudalo. Anasintha sitima pa Whitechapel, Jessica atawagwira mkono wina, ndipo sitima yachiwiriyo itatulukira kunja kuwala kunalowa mwadzidzidzi m'ngolo yonse.

"Tapita pamwamba pa mitambo," anatero Mayi Winfrida. "Manje mungamasule malamba."

Saluni ya ku Ilford inkanunkhira mafuta a tsitsi ndi tsitsi lowauka. Glory anawadutsitsa pakati pa amayi oluka mpaka kuchipinda chake. Anali ataphimba kale galasi lake lalikulu ndi nsalu, monga anamupemphera Wezzie. Chipindacho chinali ndi chitseko chotulukira ku kabwalo kakang'ono ka njerwa, komwe kunali mipando iwiri ndi chitsamba cha maluwa m'chidebe. Pa tebulo panali mabotolo ambirimbiri atandandalikidwa, kuyambira a mtundu wa tiyi wamkaka mpaka a mtundu wa khofi wopanda mkaka.

Glory anagwada pang'ono. "Takulandirani, amayi. Ine ndine Glory."

"Ndiwe wosambika mitembo?"

Glory anayang'ana Wezzie, kenaka anamwetulira. "Ine ndimakonza anthu a paulendo, amayi."

"Ni bwino. Ulendo ufunika ukhondo."

Sanayambe ndi mabotolo. Anawapukuta kumaso ndi kathonje konyowa, n'kuwadzoza mafuta ofewa, akusisita pang'onopang'ono kuchokera pamphuno kupita m'makutu. Anati khungu louma limatuwa lokha ngakhale usanalipake kanthu, makamaka ndi mphepo ya kuno ndi mahita otenthetsa m'nyumba, ndipo faundeshoni ikakhala pa khungu lotere imangogwira m'mamba. Podikira kuti mafutawo alowe, anamasula batani lapamwamba la bulauzi yawo n'kuyang'ana pachifuwa, pakhosi, pachipumi, m'masaya. Ankayang'ana ngati munthu wosankha nsalu.

"Jessica, botolo lija wabwera nalo?"

Jessica analitulutsa m'chikwama mwamanyazi. Glory anadontheza pang'ono kuseri kwa dzanja lake lomwe, n'kupaka. Pomwepo panatuwa.

"Waona? Si kuti unapaka moipa ayi. Choyamba, ndi yoyera kuposa agogo. Chachiwiri, tayang'ana mkati mwakemo, muli kapinki. Khungu lililonse lili ndi mtundu wina pansi pake, timati undertone. Wina pansi pake ndi wachikasu ngati uchi, wina ndi wofiira, wina ali pakatikati. Agogowa ndi ofiira. Ukaika chinthu choyererako, chozizira, pamwamba pa khungu lakuda lofunda, chimene chimatuluka ndi phulusa." Anatembenuza botololo n'kuwerenga timalemba ta kuseri. "Ndiye muli zinki uyu, woteteza ku dzuwa. Zinki ndi woyera ngati choko. Ukawonjezera paudala yoyera ija, fulashi ikamenya, kuwala konse kumabwerera m'kamera."

"It said deep," anatero Jessica motsitsa.

"Amalemba choncho. Akuda tilipo mitundu yambiri, mwana wa amayi. Botolo limodzi silingatikwane."

Anasankha mabotolo atatu, akuwayandikiza ku khosi la mayiwo n'kubweza ena. Kenaka ndi kabulashi anajambula mizere itatu pa nsagwada yawo, uliwonse kuchokera m'tsaya kutsikira m'khosi, motalikirana pang'ono.

"Bwanji osayesa padzanja?" anafunsa Wezzie. "Ine ndimayesa padzanja."

"Dzanja si nkhope, asisi. Ndipo nkhope iyenera kugwirizana ndi khosi, apo ayi mutu umawoneka wobwereka. Tiyeni panja. Magetsi a m'nyumba ndi abodza."

Anawakhazika pampando m'kabwalo kaja. Nkhungu inali itasungunuka, kumwamba kuli koyera, kuwala kofewa kopanda mithunzi. Glory anati kumeneku ndiye kuwala kwabwino. Anatinso adikire kaye, chifukwa faundeshoni ina ikakhala pakhungu n'kukumana ndi mpweya imada kapena kusanduka yofiirira, ndiye ukafulumira kusankha umapita kunyumba ndi mtundu wina.

Anadikira. Kutali sitima inadutsa. Njiwa inatera pa khoma n'kuwayang'ana ndi diso limodzi. M'saluni wina ankaimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa, mawu ake akubwera n'kumapita ndi phokoso la chowumitsira tsitsi. Mayi Winfrida anatseka maso, nkhope atalozetsa kumwamba, mizere itatu ija ikuuma pa nsagwada. Wezzie anamva tulo tikumuzungulira. Anaganiza za amayi ake akudzola mafuta pakhonde ku Chibavi Lamlungu m'mawa, mmene masaya awo ankawalira popita ku tchalitchi, ndipo kwa kanthawi sanadziwe ngati fungo la mafuta limene ankamva linali la kuno kapena la kumeneko.

"Tiyeni tione," anatero Glory.

Mzere woyamba unali utayera, ukuwoneka ngati fumbi la m'njira. Wachiwiri unali wakuda kuposa khungu, ngati pamene padontha madzi. Wachitatu Wezzie anachita kuufunafuna. Unalipo, koma movutikira.

"That one," anatero Jessica.

"Wayandikira. Koma taimani uku." Glory anawakokera kumbali. Poyang'anira chammbali, mzerewo unkawoneka wozimirira pang'ono, ngati nsalu yakuda yochapidwa kambiri. "Kuda kwake ndi komweko, koma moto mulibe. Ukufunika kadontho kofiira."

Anabweretsa kambale kachitsulo, n'kuthirapo faundeshoni yachitatuyo, pambali pake n'kudonthezapo kadontho ka utoto wofiira ngati njerwa yowotcha. Asanatenge bulashi, dzanja la Mayi Winfrida linatambasuka n'kulanda kambaleko. Anali atatsegula maso. Ndi chala chapakati anatapa kofiirako pang'ono chabe, n'kuyamba kusakaniza mozungulira, mwachangu, mwaluso, ngati dzanjalo silinaiwalepo kanthu.

"Osati yonse," anatero. "Uzaoneka monga nyama. Pang'ono chabe."

"Munaphunzira kuti, amayi?" anafunsa Glory.

"Mu ndeke. Benze kutipasa vopaka va bazungu. Tonse tenze kuoneka monga vipuku va kumanda." Anaseka, kuseka koyamba kuchokera tsiku lija. "Manje ise tenze kupala lipisitiki yofiira na kapini, kusakaniza mu toileti, ndeke ili kugwedezeka. Ine na Luntha, mutsikana wa ku Malawi. Enze wakuda kupambana ine. Enze wokongola, iwe."

Anatambasula chalacho, ndipo Glory anatapapo ndi bulashi n'kujambula mzere wina pafupi ndi itatu ija. Anadikiranso. Njiwa inauluka. Atayang'ana, panalibe choti aone. Jessica anawerama mpaka mphuno yake kutsala pang'ono kugunda tsaya la agogo ake.

"Where did it go?"

"Ndi umenewo," anatero Glory. "Wabwino ndi umene wasowa."

Anapukuta mizere yonse n'kuyamba ntchito yeniyeni, konko panja. Pa madontho akuda a pakamwa ndi m'munsi mwa maso anayamba wapakapo kautoto ka olenji wakupsa, kochepa kwambiri, akudinda ndi nsonga ya chala. Anafotokozera Wezzie kuti malo akuda kwambiri ukangowaphimba ndi faundeshoni amatulukira pansi ali otuwa, koma olenjiyo amayamba wapha kudako. Kenaka anatenga kasiponji konyowa n'kumadinda faundeshoni ija mopyapyala, kuyambira pakati pa nkhope kupita kunja. Pachipumi ndi m'mbali, pomwe khungu linali lakuda kuposa m'masaya, anasakanizako pang'ono ya m'botolo lachiwiri lija.

"Nkhope ya munthu si khoma," anatero. "Ili ndi mitundu iwiri, itatu. Ukaipaka umodzi imafa."

Pomaliza anatsegula paudala, osati yoyera, koma yabulauni ngati koko, n'kugunda nayo pamphuno ndi pachipumi pokha. Anabwerera m'mbuyo. Wezzie anayang'ana ndipo sanaone zopaka. Anaona Mayi Winfrida atagona bwino, atadya, atamva nkhani yabwino.

Palibe amene anatchula galasi. Anali atapangana kuti asawakakamize. Glory anangotenga lipisitiki ya mtundu wa nthudza yakupsa n'kuwapatsa m'manja. Mayiwo anaitsegula, anaipotokola, anaikweza kukamwa, kenaka anaima. Dzanja lamanzere linatambasuka lokha, chikhatho chili m'mwamba, zala zikuitana.

"Nanga nizapaka bwanji? Nipase gilasi."

Glory anaika kagalasi kam'manja m'chikhathomo.

Anayang'ana. Jessica anali ataluma chala. Mayiwo anatembenuza nkhope uku, n'kutembenuza uko, anakweza chibwano, anagwira tsaya ndi nsonga za zala. Zinatenga nthawi yaitali moti wa m'saluni uja anamaliza nyimbo yake n'kuyamba ina.

"Aa, Winnie," anatero motsitsa, akulankhula ndi wa m'galasiyo. "Wenze kuti, iwe?"

Anapaka lipisitiki, mlomo wapamwamba kenaka wapansi, n'kuikumanitsa. Atatero anatembenukira kwa Jessica. "Iwe mwana wa Crispin, kulibe chakudya kuno? Bantu bafuna kunipaya na njala."

Jessica anathamanga ngati wapsa. Anabwera ndi tchipisi ndi nkhuku za pa shopu yoyandikana, ndipo Mayi Winfrida anadya ndi zala, mosamala kuti asafute milomo. Ali mkati modya, Glory anawalowetsa m'chipinda, anazimitsa getsi, n'kuwajambula ndi fulashi. Anayamba waona yekha chithunzicho asanawonetse ena. Nkhope ndi khosi zinali za munthu mmodzi.

Ndipo mayiwo, akunyambita chala, analoza Wezzie.

"Nanga uyu? Muzamusiya so? Mwana wabwino, ananiperekeza njira yonse. Muukitseni naye."

Glory anayang'ana Wezzie, n'kuyesa kudziletsa, koma kuseka kunamuphulika. "Asisi, ndimafuna ndikuuzeni pa tchalitchi, koma ndimasowa poyambira."

Apo m'pamene Wezzie anamvetsa chifukwa chimene mayiwo anadzukira osatsutsa m'mawa muja. Anatenga kagalasi kaja n'kutuluka nako panja. Zinali zoona. Kuyambira pachipumi mpaka pachibwano anali wotuwa, ndipo pansi pa nsagwada panali malire owonekeratu pomwe nkhope yogula inathera n'kuyamba khosi lake. Botolo limenelo analigula chaka chimene anafika, m'shopu ya mankhwala pafupi ndi siteshoni, atayesa padzanja pansi pa magetsi. Linali lakuda kuposa onse amene anali pa shelefu, ndiye anangoti ndi lomweli. Kuyambira pamenepo ankadzipaka mothamanga m'bafa lopanda windo, ndipo pa zithunzi za kutchalitchi ankadziona wotuwa n'kumati ndi kutopa kwa mashifiti, ndi mmene London amachitira anthu.

Anaseka nawo, koma m'maso munali mutalengeza misozi. Glory anamukhazika pampando womwe uja n'kumupukuta. Nayenso anamujambula mizere itatu. Wake unapezeka msanga, wopanda chosakaniza: wakuda, wokhala ndi chikasu cha uchi pansi pake. Mayi Winfrida ankayang'anira ntchitoyo ali ndi fupa la nkhuku m'manja, akuvomereza ndi mutu.

"Ehe. Manje wabwela."

Madzulo a tsikulo a Crispin atalowa m'nyumba anapeza zitenje zitachotsedwa pa magalasi, mayi awo akuonera wailesi yakanema ndi mbale ya mpunga pamiyendo. Anaima pakhomo la pabalaza ndi chikwama chawo cha kuntchito, osalowa, osatuluka.

Sikuti mutu unabwerera. Mawa lake anadzuka ali ku Lusaka, akudandaula kuti galimoto ya kubwalo la ndege yachedwa. Koma za imfa sanazitchulenso. Glory anali atawathirira msakanizo wawo m'kabotolo, ndipo m'mawa uliwonse Wezzie ankawakhazika pawindo loyang'ana kumadzi n'kumayeserera: mafuta kaye, kudikira, olenji pang'ono, kenaka kudinda. Tsiku loyamba anachulutsa olenji ndipo mayiwo anamulanda siponji.

Ukwati unachitikira ku Tottenham, m'tchalitchi chimene kale chinali nyumba yosungiramo katundu. Mayi Winfrida anavala diresi lobiriwira ndi duku lake, ndipo polowa anthu anaimirira kuwapatsa moni. Amayi ena a ku Chipata anawagwira manja n'kumati simukalamba, ba Winfrida, ndipo iwo ankayankha aliyense mwaulemu ngakhale sankadziwa ndi mmodzi yemwe. Anakhala bwino mpaka pa malumbiro. Koma ng'oma ndi magitala zitayamba, nthungululu zikulira m'denga la malata, anayamba kunjenjemera n'kumafunafuna khomo. Wezzie anawatulutsa.

Kuseri kwa tchalitchicho kunali benchi pansi pa mtengo. Kunkagwa kamvula kosamveka, konga utsi, koma masamba ankawatchinga. Nyimbo zinkamveka chapatali ngati zikuchokera pansi pa madzi. Mabasi ofiira ankadutsa kumapeto kwa msewu, imodzi pambuyo pa inzake, opanda phokoso.

"Ni ukwati wa ndani?" anafunsa mayiwo.

"Wa Jessica, amayi. Mdzukulu wanu."

"Oo. Bamupeza mwamuna wabwino?"

"Wabwino. Dzina lake Themba."

"Ni bwino."

Patapita nthawi chitseko chakumbuyo chinatseguka, ndipo Jessica anatuluka yekha atanyamula diresi lake m'manja kuti lisakhudze pansi ponyowa. Anayenda pa udzu ndi nsapato zake zazitali, velo ikuuluka pang'ono kumbuyo, n'kudzagwada patsogolo pa benchi.

"Ambuya," anatero. Anafunafuna mawu a Chinyanja. "Ambuya, nakwatiwa."

Mayi Winfrida anamugwira nkhope ndi manja awiri. Kaya anaona Jessica, kaya Maureen, kaya mtsikana wina wa m'ndege, Wezzie sanadziwe. Anamukokera pachifuwa n'kugunditsa tsaya lawo pamutu pake, akumuguguda pamsana ngati khanda, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu. Atamusiya, pa velo yoyerayo panatsala chidindo chabulauni, chachikulu ngati chikhatho.

"Mayo!" Wezzie anatsegula chikwama msangamsanga. "Dikira, ndili ndi mawaipu opukutira. Zithunzi simunajambule."

Jessica anakoka veloyo n'kuyang'ana chidindocho. Anachikhudza ndi chala.

"Leave it, auntie."

Anadzuka, anasasa udzu pa diresi, n'kubwerera m'tchalitchi momwemo. Wezzie anatsala ndi kawaipu m'manja. Anakapinda n'kukabweza m'chikwama, n'kutulutsa kasiponji, ndipo anawatembenuzira mayiwo ku kuwala kuti akonze pamene panafufutika.